Timitima Titatu ndi Keke Yosadyeka

Masiku ano mwana amene sanaike chithunzi cha amayi ake pa sitetasi tsiku lawo lobadwa amayesedwa mfiti. Ungafolere nyumba ya kumudzi ndi malata, ungamatumize feteleza chaka ndi chaka, koma ngati pa Facebook palibe umboni, abale amayamba kunong'onezana kuti tauni inakudya mutu. Ine ndimaopa manyazi kuposa ngongole, choncho ndimalemba nawo. Ndipo poti ntchito zina zonse zinandikana, lero mundilole ndikhale mphunzitsi wa imeneyi.

Vuto loyamba ndi tsiku lenilenilo. Amayi anga mukawafunsa kuti anabadwa liti, amati chaka chimene Kamuzu anabwera, anthu akukolola mapira. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndiye chaka tili nacho. Tsiku ndiye mutu. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 iwo anayankha za mapira zomwezo, chiphaso n'kutuluka ndi 1 Januwale. Kuyambira pamenepo timakondwerera kubadwa kwawo tsiku limene tonse tili ndi matsire, m'thumba muli mbee, fizi ya ana ikutisuzumira pazenera. Onjezanipo Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndi lina la mu Meyi limene mlongo wanga wa ku Joni amatikokeramo. Mayi mmodzi, koma amabadwa katatu pachaka, ndipo ulendo uliwonse ndiyenera kupeza mawu atsopano.

Tikapeza tsiku, tisamale chithunzi ndi kalembedwe, chifukwa uthenga wa tsiku lobadwa ndi uthenga wa maliro amasiyana pang'ono zedi. Msuweni wanga wina anasankha chithunzi chakale, chopanda mitundu chija, azakhali atakhala pampando wa ndalema osamwetulira. Pansi pake analemba kuti, "Munali mayi wolimba mtima, munatilera movutika." Kenako anaikapo kankhunda 🕊️, kakandulo 🕯️ ndi kankhope kokhetsa misozi 😭, ati kusonyeza kuti chikondi chamufika pamtima. Ola lisanathe anthu anali atadzaza "Pepani achimwene" ndi "Mzimu wawo uwuse mumtendere." Amayi a Mvano anayamba kufunsana za mwambo, malume wina ku Mzuzu akufunsa kale mtengo wa basi. Eni ake maliro anali kudimba, akuthirira mpiru.

Phunziro lake ndi ili: mayi wamoyo salembedwa kuti "munali". Lembani kuti "ndinu". Chithunzi chikhale cha posachedwa, akuseka, ndipo mawu oti tsiku lobadwa akhale pamzere woyamba, chifukwa anthu a pa Facebook sawerenga mpaka kumapeto. Amangoona nkhope ya munthu wachikulire n'kuthamangira kupepesa. Mukaona ndemanga zitatu zoyamba zili ndi timanja topemphera tokhatokha popanda keke, dziwani kuti zinthu zapita kumanda. Fufutani msanga.

Tsopano tizithunzi timene achinyamata amati maimoji. Ofunika ndi ochepa. Kamtima kofiira ❤️ n'kabwino, sikapsetsa mtima aliyense. Keke 🎂 ndiye mlonda wa uthenga wonse, chifukwa palibe amaika keke pa maliro. Timanja 🙏 tili bwino ngati tatsagana ndi keke, koma tikakhala tokha timanunkha chisoni. Maluwa 💐 nawonso asayende okha, poti nkhata za pamanda ndi maluwa omwewo. Kamtima kosweka 💔 kasiyireni amene anakanidwa. Kankhope kotumiza kisi 😘 ndi kaja ka maso a mitima 😍 ndi ta munthu wina amene amayi sanamudziwebe, ndipo mukazolowera kutiika paliponse, tsiku lina mudzatumiza kwa apongozi. Komanso ngakhale amayi anu atakhala katswiri wolima mabiringanya m'boma lonse, biringanya musaliike. Musandifunse chifukwa, funsani mdzukulu wawo ali yekha.

Chiwerengero chake chisapitirire titatu. Ine kale ndinkaika timitima mizere iwiri, kuganiza kuti chikondi chimayezedwa pa sikelo ngati fodya ku okushoni. Koma munthu akaika timitima tambirimbiri, anthu odziwa zinthu amangozindikira kuti ameneyu sanatumize kalikonse kumudzi.

Mawu enieniwo akhale a amayi anuwo, osati a mayi wina aliyense. Zoti "ndinu dzuwa langa, ndinu mfumukazi" aliyense akulemba, ena amangokopera kwa anzawo mpaka kuiwala kusintha dzina. Ndipo zilembo zitatu zija, HBD, musayerekeze. Munthu anakunyamulani miyezi isanu ndi inayi, inu mukumubwezera zilembo zitatu ngati nambala ya galimoto? Tchulani chinthu chimodzi chimene anachitadi. Wanga wa chaka chino unali wotere:

"Lero ndi tsiku lobadwa la amayi anga 🎂 Amayi, ndinu amene munkadzuka tambala woyamba kukazinga zitumbuwa kuti ine ndipeze yunifolomu. Mpaka lero mumandifunsa ngati ndadya, chonsecho ndili ndi imvi. Mulungu akusungeni, muone zidzukulutudzi. Zikomo amayi ❤️🙏"

Onani kuti palibe "iwe", palibe zaka zawo, palibenso mbiri ya mavuto onse a banja. Za bambo amene anathawira ku migodi osabwerako sizofunika pamenepa. Anthu anakonda uthengawo, ndemanga zinagwa ngati mvula, ine n'kumayenda chodzikweza tsiku lonse.

Koma pali chinsinsi chimene tonse olemba timabisa: amayi sali pa Facebook. Foni yawo ndi kaja ka mabatani, kokhala ndi tochi, kamene amakamanga pa mfundo ya chitenje. Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana nawo nambala. Ndiye kuti pa WhatsApp uthenga wanga wa zitumbuwa unawerengedwa ndi alandilodi, wokonza njinga ndi anthu awiri amene ndili nawo ngongole. Mmodzi anayankha kuti, "Amayi akule, koma ija bwanji?"

Mukati muwatumizire pa meseji wamba, pali msampha winanso. Meseji imodzi imalola zilembo 160, koma mukangoikamo imoji imodzi malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa zilembo 150 umene ukanapita kamodzi umaduka patatu, mayunitsi n'kumapita katatunso. Ndipo mafoni ambiri a mabatani satha kuonetsa tizithunzito, amangoika timabokosi. Ine nditawatumizira wanga uja, amayi anapatsa mdzukulu kuti awawerengere, mwanayo n'kunena kuti, "Amalume akuti zikomo amayi, bokosi, bokosi." Madzulo foni inalira.

"Mwanawe, mabokosi awiri ukunenawa wawatumiza pa basi iti?"

Ndinayesa kufotokoza kuti limodzi ndi mtima, linalo ndi manja opemphera. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino. Nanga shuga ali mu liti?"

Ndiye abale anga, lembani ndithu, ikani kamtima ndi keke, dziko lidziwe kuti simunaphulike pamwala. Koma mukatha kudina, imbani foni muwawerengere ndi pakamwa panu zimene mwalembazo, chifukwa mwini uthenga ndi iwowo. Kenako tsegulani Mpamba kapena Airtel Money, mutumize ya shuga, sopo ndi chitenje, osaiwala yotapira. Keke ya pa sitetasi sinakhutitsepo munthu.