Kalata yanga inakawerengedwa ndi mkazi wa mwini nkhani

Ahedi anali atapita ku msonkhano wa a PEA ku TDC, ndiye sukulu yonse inali m'manja mwa ine wachiwiri wawo. Sukulu yathu ili cha kumtunda kwa Ntaja, ndipo Sitandade 4 inagawidwa pawiri, A ndi B, chifukwa ana ndi ochuluka.

Kunabwera kakalata ka papepala lothothola m'kope. Mayi wina amapempha kuti mwana wake achoke ku 4B apite ku 4A, chifukwa sakutha kuwerenga ndipo aphunzitsi ake "alibe naye ntchito". Nkhawa yawo inali yomveka. Ku Sitandade 5 maphunziro amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mwanayu kwawo amayankhula Chiyao, Chichewa chomwe chikumuvuta.

Pofuna kuoneka munthu womvetsa, ndinayankha pompo. Ndinalemba kuti, "Mayi, musadandaule. Vuto la aphunzitsi a 4B tikulidziwa. Mwana ayambe ku 4A mawa." Ndinadinda chidindo cha sukulu, poti chinali m'manja mwanga tsiku limenelo.

Ndinaiwala kuti kalata yopempha ija anachita kulemberedwa. Yankho langa analitengera kwa mnansi wawo wodziwa kuwerenga, amene amatunga naye pamjigo. Mnansiyo anali mkazi wa aphunzitsi a 4B. Analiwerenga mokweza mpaka pa chidindo.

Lolemba makolo anandandalika pakhonde la ofesi, aliyense akufuna wake asamuke, poti "ofesi yavomera yokha kuti kuja kulibe mphunzitsi". A 4A anandifunsa kuti ana onsewo akawakhazika pati. A 4B anandipatsa moni wa "Mwadzuka bwanji abwana", dzina limene sanandiitanepo chiyambire.

Ahedi sanandikalipire. Anangoitanitsa rejisitala ya 4B ndi makope a mwanayo, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha. M'rejisitala munali mipata tsiku lomwelomwe sabata iliyonse, tsiku la msika, pamene mwanayo amakathandiza kugulitsa mpunga. M'makope, ntchito yokopera pabolodi inali yodumphadumpha zilembo, koma yochita kumuuza pakamwa inali yabwino. Mwanayo amakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo maso ake saona patali. Aphunzitsi ake anali atatumiza kale uthenga kunyumba kuti akamuonetse kuchipatala, koma uthengawo unathera m'njira.

Kenako ahedi anaitana mayi aja, ine nditakhala pambali ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa eni. Anayamba ndi kufunsa kuti, "Amake mwana, mwaona chiyani kwenikweni, ndipo chinayamba liti?" Mayi atatchula aphunzitsi, ahedi sanavomere komanso sanatsutse. Anati, "Ndamva. Tiyeni tione kaye za mwanayu." Anawaonetsa rejisitala ndi makope aja, n'kufotokoza kuti 4A ndi 4B amagwiritsa ntchito mabuku amodzi ndi silabasi imodzi, ndipo ana amagawidwa kuti chiwerengero chifanane. Ku 4A mwanayo akanakakhalanso kumbuyo, osaonabe bolodi.

Atatero anaitana aphunzitsi a 4B kuti anene okha zimene achite. Anagwirizana zitatu: mwana akhale kutsogolo, akapimidwe maso ku chipatala cha boma ku Liwonde, ndipo tsiku la msika azibwera kusukulu. Anapangananso kuti akumanenso teremu ikamatha, ndipo ngati sipakhala kusintha, nkhani yosamutsa mwana idzakambidwa aphunzitsi onse awiri alipo.

Madzulo ahedi anandiuza malire ake. Kholo likamadandaula za kuwerenga kapena kakhozedwe, yankho loyamba limangonena kuti pempho lafika, tifufuza, mubwere tsiku lakuti. Dzina la mphunzitsi sililowa m'kalata, ngakhale pomuyamikira, chifukwa ukalemba kuti a 4A ndi akatswiri wanena kale za a 4B. Koma kholo likanena kuti mwana akumenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera, pamenepo palibe zotchinjiriza mnzako. Mwana amachotsedwa kaye pamaso pa mphunzitsiyo, ndipo nkhani imalembedwa n'kupita kwa a PEA.

Makolo ena aja anabalalika a komiti ya sukulu atawafotokozera. Ine ndinakapepesa kwa a 4B kunyumba kwawo. Iwo anandikhululukira msanga, koma akazi awo anakana kubweza kalata ija, amvekere aisunga kuti ana awo adzaone mmene achiwiri kwa ahedi amalembera Chichewa chosalala. Chidindo tsopano ahedi amayenda nacho m'chikwama.