Alamu Anga Akufuna Kufufuta Dzulo

Tambala wachiwiri asanalire, wina anali akugogoda kale pakhomo panga, kugogoda kwa munthu wobweretsa uthenga wa maliro. Nditatsegula ndinapeza ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, maso ali psuu, malaya omanga mabatani mophonyetsa, foni atainyamula ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka. Sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

"Alamu, tandifufutirani chinthuchi."

Chinthucho ndinali nditachionera kale usiku, ine ndi theka la Kasungu. Alamu anagulitsa mabelo 14 a bale ku Chinkhoma, ndalama zinalowa kubanki, ndipo m'malo mokwera njinga yamoto kubwerera kumudzi anakhotera pamalo ena omwera pa boma. Chakumwa chitafika m'mutu anatsegula Facebook n'kudina Live. Anakhala pa laivi mphindi 47.

Mphindi zisanu zoyamba tinaonera mphuno zawo zokha, chapansipansi, uku akufunsa kuti, "Mukundimva? Amene akundimva alembe kuti tikumva." Kenaka anatembenuza kamera n'kutionetsa tebulo. Anawerenga mabotolo limodzilimodzi. Anationetsa nkhuku yootcha, kutsogolo ndi kumbuyo. Anatulutsa pepala la malonda a fodya n'kuliyandikiza pa kamera kuti tione mtengo wa madola, manambala onse ali poyera. Anatiuza kuti wapampando wa kalabu yawo sadziwa kusankha fodya, kuti jeke amene amabwereka kwa neba wawo ndi wokhota ngati mwini wake, ndiponso kuti chaka chamawa agula lole. Kumbuyo kwawo kunkadutsadutsa mayi wina wovala wigi yofiirira amene mpaka lero alamu akuti anali woperekera zakumwa. Pansi makomenti ali mbwee: wina akuonera kuchokera ku Santhe, wina ku Nkhamenya, msuweni wathu ku Joni akuponya timitima. Pa mphindi ya 31 panatulukira dzina la mlongo wanga. Sanalembe kanthu, anangolowa n'kukhala chete.

Ine pamudzi pano ndimatchuka kuti ndimadziwa mafoni, chifukwa choti tsiku lina ndinachotsera amfumu nyimbo yolira pamene munthu akuwaimbira. Ndiye ndinakhala pakhonde n'kuyamba ntchito.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukadina Finish laivi yatha ngati msonkhano wobalalika. Ayi. Kawirikawiri kanemayo amatsala patsamba lako ngati positi wamba, ndipo amene anagona msanga amadzaonera m'mawa akumwa tiyi. Pamene alamu ankagona pabenchi, kanema wawo anali maso usiku wonse, akugwira ntchito.

Choyamba ndinapita pa positiyo, n'kudina timadontho titatu tili pakona yakumanja, n'kusintha oonera kuchoka pa Public kupita pa Only me. Apa ndiye kutseka chitseko cha chigafa mbuzi zisanamalize fodya: kanema alipobe, koma akumuona ndi mwini wake yekha. Zimathandiza chifukwa munthu amapeza mpata woganiza. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndiyambe ndawasungira kanemayo m'foni ndisanamuchotse.

"Ndimusungirenji? Ndi satifiketi?"

Basi ndinadinanso timadontho tija n'kusankha Move to trash. Positi inasowa. Alamu anapuma mpweya wautali wonunkha dzulo, n'kuyamba kudzuka. Ndinawakhazikanso pansi. Chimene chapita ku Trash sichinafe, chimakhala mmenemo masiku 30 ngati zinyalala zodikira moto kudzala, ndipo aliyense wogwira foniyo akhoza kuchibwezeretsa podina Restore. Atamva zoti "aliyense wogwira foniyo", nkhope ya mlongo wanga inawabwerera m'maso. Tinalowa mu Activity log, tinapeza Trash, n'kudina Delete. Foni inafunsa ngati tatsimikiza. Alamu anayankha mokweza ngati ali kubwalo la milandu.

"Ndiye kuti zatheratu?"

"Kwa inu zatha."

"Nanga aja anasheya aja?"

Apa pokha ndinali ndi uthenga wabwino. Amene anangodina Share sanatenge kanema, anangoloza chala kunyumba kwanu. Mukagwetsa nyumbayo chala chimaloza pabwalo. Pamasamba awo pamangotsala kabokosi kotuwa konena kuti This content isn't available right now, ndipo pansi pake makomenti a anthu ochedwa akufunsa kuti, "Kunali chiyani kodi? Tatitumizirani kumbali."

Kumbaliko ndiye kuli mavuto. Tili pakhonde pomwepo foni yanga inalira. Gulu la WhatsApp la kumpingo. Kenaka la ana asukulu akale. Kenaka la ogulitsa feteleza. Monsemo munali kachidutswa ka masekondi 40, alamu akupsompsona pepala la malonda, pamwamba pake palembedwa Forwarded many times, chizindikiro chimene WhatsApp imaika uthenga ukadutsa m'manja maulendo asanu kapena kuposa. Nthawi inali isanakwane 7 koloko.

Foni iliyonse yamakono ili ndi kabatani kojambula zonse zimene zikuoneka pagalasi pake. Munthu akamaonera laivi yako akhoza kumajambula mwakachetechete, Facebook sikuuza, ndipo chimene wajambulacho ndi chake, chili m'foni mwake pamodzi ndi zithunzi za ana ake. Palibe batani la m'foni ya alamu limene lingafike kumeneko. Anandipempha kuti ndidine Delete for everyone. Ndinawauza kuti batani limenelo ndi la amene watumiza uthengawo kapena adimini wa gululo, kuti limagwira ntchito kwa masiku awiri okha, ndiponso kuti silikhudza amene wausunga kale pena. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, koma sananene kuti kudzabwera anthu oyenda ndi zigubu kudikira kuti wina ataye.

Mkulu wa anthu a zigubuwo ndimamudziwa. Ndi kamnyamata kena kotchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore pafupi ndi pokwerera mabasi. Sikanalimepo phesi limodzi la fodya. Sikadziwa kununkha kwa chigafa, sikanasokepo ndindi, manja ake ndi osalala ngati a mwana wakhanda. Koma nyengo ya msika, kuyambira Epulo mpaka malonda atatsekedwa, kamakolola kuposa tenanti. Usiku sikagona, kamangosakasaka amene ali pa laivi, chala chili pa batani lojambulira. Kali ndi chikwatu chonse pakompyuta yake yosweka galasi: akuluakulu a mpingo ovina mosayenera, aphunzitsi olakwitsa Chingerezi, alimi olonjeza malole. Kamadula kanema pamalo enieni opweteka, kamaikapo kanyimbo, n'kumagulitsa pamodzi ndi makwaya. Ukakadzudzula kamayankha kuti, "Bwana, ine ndimangosunga mbiri." Mbiri! Munthu woti lendi ya kabenchi kake ili m'mbuyo miyezi itatu. Wina anakakumbutsa kuti kuli lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, limene limaletsa kuzunza anthu pa makina amenewa. Kanangoseka n'kufunsa ngati iyenso akufuna kanemayo.

Chimene chimandisangalatsa m'tauni mwathu muno ndi ulemu umene umatsatira kufufuta. Wofufutayo ali ndi zifukwa zodziwika zoti asankhepo: foni inali ndi mwana, kapena anandihaka. Alamu anasankha kuhakidwa. Sanafotokoze kuti wohakayo anawabwereka bwanji nkhope, mawu ndi chipewa. Ndipo palibe amene anawafunsa, poti nafenso tili ndi mbali yathu pa sewero limeneli. Timanamizira kuti sitinaone. Timawapatsa moni ndi manja awiri. Pokhapokha posiyana m'pamene wogulitsa nyama amaponya kuti, "Bwana, lole ija ikadzafika mudzatiganizireko," wakabaza n'kuwonjeza kuti, "Nkhuku ija inaoneka yofewa." Wapampando wa kalabu sananene kanthu, anangowatumizira uthenga wowapempha kuti chaka chamawa adzaphunzitse kalabu yonse kusankha fodya. Neba uja anabwera kudzatenga jeke wake wokhota. Wakatapila, amene anauzidwa sabata yatha kuti fodya anabwezedwa pa okushoni, anafika masana atanyamula chithunzi cha pepala lija, manambala ooneka bwino kuposa pa pepala lenilenilo.

Mlongo wanga sanafune kanema wa munthu aliyense. Anaonera yekha mphindi 16 zomaliza, ndipo m'mutu mwake mulibe Trash.

Zoseketsa n'zakuti alamu akanakhala munthu wopirira manyazi, kanemayo akanachoka yekha. Kuyambira pa 19 Febuluwale 2025, kampani ya Meta inasintha malamulo: laivi ya pa Facebook imasungidwa masiku 30 okha kenaka imafufutika, ndipo mwini wake akafuna kuisunga ayenera kuidawuniloda kapena kuisamutsira kwina. Malaivi akale nawonso anachotsedwa, eni ake atapatsidwa masiku 90 oti apulumutse zimene akufuna. Uthenga umenewo unabwera pafoni yanga, ndinauona, ndinati ndichita mawa poti bandulo inali yochepa. Mmenemo munali mwambo wa maliro a azakhali athu, umene ndinaulutsa ndili chiimire padzuwa kuti abale a ku Joni alire nafe. Munali mawu a malume akuyankhula m'malo mwa banja, ndipo malumewo chaka chotsatira anatsatira mlongo wawo. Palibe amene anajambula zimenezo. Kamnyamata kaja maliro sikawerengera, akuti sayenda malonda. Tsiku limene ndinakafuna kanemayo n'kupeza palibe, ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana foni.

Koma tisalire, nkhani ndi ya alamu. Atanyamuka pakhonde paja, osasiya ngakhale ya sopo, ndinayamba kuganiza bwino. Mwezi wa Disembala, fodya atayamba kuchita chikasu m'munda, munthu ameneyu anabwera pakhomo pomwepa, nthawi ngati yomweyi, kudzabwereka matumba awiri a feteleza. Sitinalemberane, poti pachibale kulemberana n'kutukwana. Kuyambira pamenepo ndikawakumbutsa amati sakukumbuka bwino ngati anali matumba awiri kapena ndowa ziwiri. Tsono usiku uja, chapakati pa laivi, atangomaliza kunyoza jeke, anadzimenya pachifuwa n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Alamu anga aja anandipatsa matumba awiri a feteleza, mawa ndikawabwezera anayi!" Ndinamva ndi makutu angawa. Ndinaikapo ngakhale kamtima.

Umboni wokhawo umene ndinali nawo padziko lapansi ndinaufufuta ndekha, ndi chala changa, n'kuulondola mpaka ku Trash kukaumalizitsa, kwaulere.

Madzulo ake ndinavala chipewa chophimba nkhope n'kupita pokwerera mabasi. Kamnyamata kaja kanandilandira ndi ulemu wonse, kanandipukutira benchi. Kachidutswa ka pa WhatsApp kanati n'kaulere, koma kanema wathunthu wa mphindi 47 ndi K2,000, memore yanga. Ndinakauza kuti ndikungofuna pamene akunena za feteleza.

"Pamenepo pokha ndi K3,000, bwana. Alamu anu anabwera masana kudzalipira kuti ndipadule."

Ndinalipira.