Wolemba hjkl nayenso ndi mlendo

Aliyense amene anaika nambala yake poyera, kaya pa chikwangwani cha saluni, pa khoma la okala kapena pansi pa chithunzi cha nkhuku zogulitsa, amaudziwa uthenga uja wopanda moni, wopanda dzina, wopanda funso. Zimangofika zilembo zounjikana, hjkl kapena asdf, basi. Ambiri a ife timakwinya nkhope n'kubweza kuti "Ndiwe ndani?" kapena "Ulibe chochita?" Ine amene foni yanga imalira pokhapokha wangongole akandikumbukira, ndikufuna ndimuikire kumbuyo mlendo wopanda mawuyu. Musadabwe, munthu wosowa omulembera amaona hjkl ngati kalata. Komabe mfundo yanga si ya njala ya mauthenga yokha ayi. Ndikuti wolemba zilembo zosokonekerayu wafunsa funso lenileni, loti kodi kuno kuli munthu, ndipo funso limeneli liyenera yankho limodzi, laulemu, lalifupi, lotsegula njira yoti anene chimene wadzera.

Tiyambe ndi chimene chimamuchititsa. WhatsApp imamuuza wotumiza zinthu zingapo popanda inu kutsegula pakamwa. Tiki imodzi yotuwa ndiye kuti uthenga wachoka pa foni yake koma sunafike pa yanu, mwina mwazimitsa kapena bando yatha. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika. Akasanduka a buluu ndiye kuti mwautsegula, ndipo a buluuwa anabwera mu 2014 kudzathetsa bodza lathu lakale lija loti "sindinauone", ngakhale ochenjera amawazimitsa pa Read receipts. Matiki onsewa amangonena za foni. Sanena ngati pali munthu amene angayankhe, ngati bizinesi ija ikadalipo, kapena ngati mwini nambala ndi yemwe uja. Zikwangwani zimakhalitsa kuposa mabizinesi, ndipo nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatha kupatsidwa kwa munthu wina. Ndiye munthu asanakwere minibasi kuchoka ku Chirimba kupita ku Limbe, asanatumize ndalama pa foni, amafuna amve kaye kupuma kwa munthu. Zilembo zija ndi odi wa pafoni. Munthu akaima pabwalo nati "Odi!" sananene chimene wadzera, ndipo palibe mwini nyumba wamisala amene amatuluka n'kumufunsa kuti ulibe chochita. Amati "Lowani", nkhani imabwera pambuyo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangolemba moni ngati munthu woleredwa. Yankho lake ndi manyazi, matenda amene ine ndikuwadziwa bwino kuposa adokotala. Ukalemba kuti "Muli bwanji mayi, nkhuku mukugulitsa bwanji?" kenako matiki n'kusanduka a buluu, tsiku n'kutha kuli zii, umamva ngati wapereka moni pagulu anthu n'kuyang'ana kumbali. Koma ukalemba hjkl sunataye kanthu. Akakuyankha, wapeza munthu. Akakukalipira, umati anali mwana amaseweretsa foni, ngakhale mwanayo ali ku sekondale yogonera komweko. Wolemba zilembo zotere nthawi zambiri si wachipongwe, ndi munthu woopa kunyozeka amene wadzisungira pothawira.

Zilembozo nazonso zimayankhula, ukaziyang'anitsitsa. Kiyibodi ya pafoni inatengera ndondomeko ya taipi imene Christopher Latham Sholes anakonza ku Amereka m'zaka za m'ma 1870. Mzere wapamwamba ndi qwertyuiop, wapakati ndi asdfghjkl, wapansi ndi zxcvbnm. Mzere wapakatiwo uli ndi lembo la liwu limodzi lokha, a, ndipo wapansiwo ulibe n'limodzi lomwe. Popeza mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, diso limazindikira msanga kuti hjkl si mawu. Tsono mukaona zilembo zinayi kapena zisanu zoyandikana pa mzere umodzi, zatumizidwa kamodzi, kenako chete, dziwani kuti ndi chala cha munthu wamkulu amene wagogoda dala ndipo akudikira. Mukaona mauthenga asanu ndi atatu otsatizana m'mphindi imodzi, osakanikirana ndi tinkhope toseka, chithunzi cha denga ndi mawu ojambulidwa a phokoso la mbale, ameneyo ndi mwana kapena foni yosakiya m'thumba. Mukaona zilembo zimene zikufuna kufanana ndi mawu, monga nkhjku m'malo mwa nkhuku, pakuti j ali pafupi ndi u, ameneyo ndi agogo amene akuphunzira foni kumene, kapena munthu wa galasi losweka ngati langali. Anthu atatu onsewa palibe amene wakulakwirani.

Titenge chitsanzo cha mayi woweta nkhuku zoyera ku Area 25, amene nkhuku zake zakwana masabata asanu ndi limodzi ndipo tsiku lililonse zikakhala m'khola zikungodya phindu lake. Cha m'ma 8 koloko usiku pakubwera hjkl kuchokera ku nambala yachilendo. Mayiyu ali ndi njira zitatu. Akakhala chete, wotumiza uja wapeza yankho loti kuno kulibe munthu, ndipo apita pa nambala ina. Akalemba kuti "Ndani?", wamuika mlendo pa mlandu, ndipo wamanyazi uja athawira kwa mwana wake wa ku sekondale. Njira yachitatu ndi kulemba kuti: "Moni, tilipo. Kuno ndi kogulitsa nkhuku ku Area 25. Tikuthandizeni chiyani? Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu." Taonani ntchito imene mawu ochepawa agwira. "Tilipo" wayankha funso limene linafunsidwa. Kutchula malonda ndi dera kwathandiza wolakwitsa nambala kudziwa yekha kuti wasochera. Funsolo lamubwezera mpira popanda kumufunsa za zilembo zake. Mwayi wojambula mawu watsegulira agogo ndi ife a magalasi osweka. Chimene mayiyu sanachite ndi kutchula hjkl uja. Sanati "sindikumva zimene mwalemba", pakuti wolembayo naye akudziwa kuti sizikumveka, ndipo kumukumbutsa ndi kumuvula pagulu.

Wotsutsa woyamba anena kuti nthawi ndi ndalama, munthu sangamasiye ntchito kukayankha zala za aliyense. N'zoona, koma tiwerengere. Kulemba "Ulibe chochita?" kumatenga nthawi yofanana ndi kulemba "Moni, tilipo", ndipo kumawonjezera theka la ola lofotokozera a m'nyumba mwanu mmene anthu a masiku ano alili opanda khalidwe. Mkwiyo ndi umene umadya nthawi. Kuwonjezera apo, WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, ili ndi Quick replies, pamene mumasunga yankho lanu kamodzi, ndipo mukalemba chizindikiro cha / limatulukira lokha kuti mungolisankha. Ilinso ndi Greeting message, moni wopita wokha kwa amene wakulemberani koyamba kapena amene papita masiku 14 musanalemberane. Koma apa pali malire ake. Moni wopita wokhawo umafika nthawi yomweyo, ndipo wogogodayo amadziwa kuti si munthu walemba. Iye amafuna munthu, choncho moniwo umangomukhazika pa mpando, mwini nyumba ayenera kutulukabe. Komanso amene anaika nambala pa chikwangwani ndinu nomwe. Walira mvula walira matope.

Wotsutsa wachiwiri ndi wanzeru kuposa woyamba. Iye akuti akuba a pafoni nawonso amayesa nambala kuti aone yamoyo, ndiye kuyankha ndi kudziulula. Mantha amenewa ndi oyenera, koma taganizani zimene mbava yapeza pa yankho la mayi uja. Yadziwa kuti nambalayo ndi yamoyo, zimene matiki awiri anaiuza kale, ndiponso kuti mayiyu amagulitsa nkhuku, zimene analemba yekha poyera. Wakuba sadziwika ndi uthenga woyamba, amadziwika ndi wachiwiri. Akanena kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo mumubwezere, musakhulupirire uthenga umene wakuonetsani, onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Akapempha manambala asanu ndi limodzi amene angofika pa foni yanu, amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, ndipo mukawapereka akulandani akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Akafunsa nambala yanu yachinsinsi ya ndalama za pafoni, nkhani yathera pomwepo, dinani Block. Ulemu sukukakamizani kupereka chilichonse mwa izi. Ndipo kunena zoona, mbava zenizeni sizikonda kuyamba ndi hjkl. Zimayamba ndi "Moni bwana", mwaulemu woposa wa mkamwini watsopano.

Wotsutsa wachitatu akuti ukamusekerera wosewera, sasiya. Apa ndikuvomera theka. Alipo anthu amene bando ikatsala pang'ono kutha nthawi amafuna aimalize pa munthu wina, ndipo ine sindiwaweruza kwambiri, pakuti mphawi salola kuti chimene analipira chipite chosadyedwa. Mankhwala ake ndi kuwerenga mpaka katatu. Koyamba, yankho lathunthu lija. Zikabweranso zilembo, mzere umodzi wokha: "Tikadalipo, mukakonzeka tiuzeni kapena imbani." Kachitatu, chete. Wosewera amadya mkwiyo wanu, ndipo mukamutukwana mwamupatsa chakudya ndi chithunzi choti atumize m'magulu onse a kwanu, mawu anu ali poyera, hjkl wake atamudula. Mukamuyankha mofatsa kawiri, masewerawo amazizira okha.

Tisanamalize, tidziyang'ane tokha ife oweruza. Ndife amene timaseka ndi kkkk, timathokoza ndi zkm, timayankha nkhani ya maliro ndi mmm, ndipo timayembekeza kuti anthu atimve. Ndife amene tinakulira kuflasha, kuliza foni ya mnzathu kamodzi n'kudula kuti iye ndiye awononge mayunitsi. Mtundu umene unalankhulana zaka zambiri ndi kulira kumodzi kwa foni ulibe mphamvu zozengera mlandu munthu wa zilembo zinayi. Iye walipirako data yake.

Choncho inu a saluni, a okala, a nkhuku ndi a kaunjika, sungani yankho lija pa foni lero lomwe: moni, tilipo, kuno ndi kwakuti, tikuthandizeni chiyani. Likhale lomwelo kwa wamanyazi, kwa agogo ndi kwa mwana wa eni foni. Musapereke manambala achinsinsi kwa aliyense, ndipo musayankhe kachitatu. Mwa anthu olemba hjkl alipo ena amene ndalama zili m'manja, akungofuna kudziwa ngati mulipo. Ayankheni.