Masentimita 14 a alamu anga

Alamu anga a ku Area 25 safunsa njira. Amati kufunsa n'kwa alendo, chonsecho kumudzi ku Dedza adafikako komaliza ali ndi tsitsi. Choncho pamene tidayenera kuyenda wapansi kuchoka kwa agogo kupita ku chinkhoswe kwa azakhali, adakana mwana woti atiperekeze. Adatulutsa pepala m'thumba la jekete, nalitambasula pamwamba pa mtondo.

"Alamu, onani apa. Sikelo yake ndi 1:50,000. Sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi, omwe ndi mamita 500. Masentimita awiri, kilomita."

Apa sadaname, ndipo ndiwayamikire. Adadziwanso kuti njira yakumudzi siyezedwa ndi rula, poti imakhota ngati nkhani ya mlevi. Adapempha ulusi kwa agogo, naugoneka motsata timizere takuda toduladula tosonyeza njira yapansi, kenaka adauwongola pa rula. Udakwana masentimita 14.

"Makilomita 7. Tikamayenda makilomita anayi pa ola, ndi ola limodzi ndi mphindi 45. Tinyamuka 9 koloko, tikafika thobwa asanayambe kugawa."

Agogo adayang'ana nsapato zawo zosongoka zija, nati, "Muyende bwino, bambo." Sadaonjezere kanthu.

Poyamba zidayenda. Kumtunda kwa mapu ndi kumpoto, ndiye alamu adaima dzuwa lam'mawa lili kudzanja lamanja, natembenuza pepala mpaka phiri lapamapu lidaloza phiri lenileni. Amayi ena ochokera ku mjigo adatula ndowa n'kuima kuti aone ngati tabwera kudzayeza malo.

"Mwadzuka bwanji, azibambo? Mukulowera kuti?"

"Tili bwino," adatero alamu, maso ali papepala. Moni wam'tauni, wopanda "kaya inu".

Mtsinje udayenera kupezeka pakati penipeni pa ulendo, pa sentimita yachisanu ndi chiwiri. Mwa masamu a alamu, ola lisanathe. Ndipo zoonadi, patatha mphindi 50 tidafika pa kakhwawa ka madzi olekeza m'kakolo. Alamu adakweza chala kumwamba ngati mlaliki.

Ine ndidakayika. Pamapu pali mizere yofiirira yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo ikamadutsa mtsinje imapindika ngati chilembo cha V. Nsonga ya V imaloza komwe madzi akuchokera. Pa mtsinje wathuwo nsonga zonse zidaloza kumanzere kwa njira, kutanthauza kuti powoloka, madzi azichokera kumanzere. Apa tsamba lomwe ndidaponya lidabwera kuchokera kumanja.

"Alamu, madziwa akuyenda chobwerera."

"Mapu sanama."

"Nanga madzi?"

Tidakhala pamwala. Nditayang'anitsitsa ndidaona kamzere kena kabuluu, kowonda, kodutsa njira pa sentimita yachisanu, kakuthira mu mtsinje waukulu chakumanzere. Tidali pamenepo. Mphindi 50, masentimita asanu okha? Ndidalanda rula n'kuyeza timabokosi tomwe timadula mapu onse. Pa mapu a 1:50,000 kabokosi kalikonse ndi kilomita imodzi, ndipo mbali yake iyenera kukhala masentimita awiri. Apa idali 1.4.

"Alamu, pepalali mudalitenga kuti?"

Adakhosomola. Mapu enieni adali a mnzawo wa kuntchito. Iwo adangopanga fotokope, ndipo poona kuti pepala la A3 n'lodula, adauza mnyamata wa makina kuti alichepetse likwane pa A4. Makina adafinya mapiri, mitsinje ndi njira, koma nambala ya 1:50,000 adaikopera mokhulupirika monga idaliri. Kamzere koyezera mtunda ka m'munsi mwa mapu, komwe kamachepa limodzi ndi pepala ndipo kakadatiuza zoona, alamu adakapinda kumbuyo kuti pepala likwane m'thumba.

Masentimita 14 kugawa ndi 1.4. Makilomita 10, maola awiri ndi theka, osawerengera chitunda cha kutsidya pomwe mizere yofiirira idathithikana. Kuti tisunge ndalama ya pepala limodzi, tidagula makilomita atatu.

Mtsinje weniweni tidaupeza, madzi akuchokera kumanzere monga mwa lamulo. Mlatho womwe mapu adalonjeza udatsala zipilala zokha, poti pepala silimva kuti kudagwa mvula. Tidawolokera pa ulalo wa mitengo iwiri, alamu akukwawa, nsapato zili m'khosi, jekete lili pamutu.

Kutsidya adagonja pang'ono. Adavula chipewa, napereka moni wathunthu kwa abambo ena opalira fodya, mpaka kufunsa za ana.

"Kwa azakhali anuwo? Aa, ndi pompano apa. Mukangopitirira manda."

Pompano pakewo padali mphindi 40.

Tidafika ankhoswe atapatsana kale nkhuku. Azakhali adatilandira, natipatsa thobwa lam'munsi mwa ndowa, nafunsa yemwe adatilondolera njira.

"Palibe," adatero alamu, akusisita chithuza. Kenaka adatsitsa mawu. "Kodi kuno kabaza amafika?"