Kodi rauta imamudziwa mwana wanga?

Ndili ndi kafunso, makolo anzanga, ndipo mundikhululukire ngati nonse mukudziwa kale yankho. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha: 8 koloko usiku ikakwana, foni ya mwana ileke kulandira intaneti ya m'nyumba mpaka kutacha. Akatswiri akuti n'zosavuta. Akuti kabokosi kothwanima timagetsi kali pakhomapo, kamene amakatcha rauta, kanabwera kale ndi luso limeneli, kwathu n'kungolitsegula. Ine ndakhulupirira, pakuti ndine yani kuti nditsutse akatswiri? Koma ngati lusolo tinalilipira kale pogula kabokosiko, bwanji wogulitsa sananene? Kapena inu anakuuzani?

Poyamba akuti tilowe m'kati mwa rautayo. Adiresi yake ili kunsi, pakapepala komata, ndipo imakhala nambala ngati `192.168.0.1`, `192.168.1.1` kapena `192.168.8.1`. Muilembe mu Chrome kapena Safari, pomwe timalemba maadiresi a masamba, foni yanu ili pa waifai ya m'nyumbamo. Kenako ikufunsani pasiwedi. Kani mapasiwedi alipo awiri? Ina ndi ya waifai, imene timapatsa alendo. Ina ndi yolamulira rautayo, ndipo pa marauta ambiri akale imangokhala `admin`, dzina lolowera lilinso `admin`. Akuti imeneyi ndiyo muyambe mwasintha, chifukwa amene akuidziwa atha kufufuta lamulo lililonse. Zomveka ndithu. Koma pakapepala kaja, ndi tizilembo take tating'onoting'ono, amawerenga bwino ndani, inu kapena mwana? Ndipo tsiku limene rauta inafika, anailumikiza ndani?

Tangoti mwalowa. Mupeze pamene palembedwa `Parental Controls`, pa marauta ena `Access Control`. Pamenepo pali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili pa waifai, ndipo musankhe cha mwana. Ine ndimayembekeza kuona dzina lake. Mayina alipo, koma ndi a mafoni: `iPhone`, `iPhone` inanso, china chongoti `android` ndi manambala, china chopanda dzina n'komwe. Pambali pa chilichonse pali zilembo ndi manambala 12, ziwiriziwiri, ngati `A6:3F:1B:90:2C:E4`. Imeneyi ndi `MAC Address`, nambala imene foni imadzitchulira ikamalowa pa waifai. Kuti mudziwe ya mwana, mutenge foni yake, mutsegule `Settings`, mupite pa `Wi-Fi`, mudine dzina la waifai yanu kapena kachizindikiro ka pambali pake, ndipo nambala imene yalembedwa pamenepo muifune pamndandanda wa rauta. Ndiye kuti rauta ili ngati mlonda wa pageti amene sayang'ana nkhope ya woyendetsa, amangowerenga nambala ya galimoto. Nanga lamulo ndikuikali ndi la mwana, kapena la nambala?

Tiyeni tiliike kaye, funsolo litipeza kutsogolo. Ndikufuna intaneti itsekedwe usiku uliwonse wotsatana ndi tsiku la sukulu, kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi, 20:00 mpaka 06:00. Marauta ena amalandira zimenezi bwinobwino. Ena amakana, chifukwa kwa iwo 06:00 imabwera 20:00 isanakwane, ndipo tsiku limathera pa 23:59. Pa oterewa mulembe malamulo awiri. Loyamba ndi 20:00 mpaka 23:59, Lamulungu mpaka Lachinayi. Lachiwiri ndi 00:00 mpaka 06:00, koma Lolemba mpaka Lachisanu, pakuti pakati pa usiku tsiku lasintha. Mukasankha masiku ofanana pa onse awiri, Lachinayi usiku intaneti itsekeka 8 koloko, n'kutsegukanso yokha 12 koloko, inu muli m'tulo. Palinso china. Marauta ena amafuna musonyeze maola oletsedwa, ena amafuna maola ololedwa, koma timabokosi todina timaoneka chimodzimodzi. Mukasemphanitsa, mwana sapeza intaneti masana onse, usiku n'kuipeza yonse. Kodi opanga marautawa sanakhalepo pansi n'kugwirizana kuti bokosi lodinidwa litanthauze chiyani?

Ndiye pali nkhani ya wotchi. 8 koloko ya ndani? Rauta ili ndi wotchi yakeyake, imene imabisala pa `System Time` kapena `Time Settings`, ndipo siidziwa yokha kuti ili dziko liti. Nthawi ya ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya GMT. Rauta ikakhala kuti inasiyidwa pa GMT, 20:00 yake ndi 10 koloko usiku kwathu kuno, ndipo 06:00 yake ndi 8 koloko m'mawa. Chizindikiro chake n'chosavuta: lamulo limagwira ntchito, koma limachedwa ndi maola awiri ndendende, kotseka ndi kotsegula komwe. Mankhwala ake n'kusankha `GMT+02:00`, ndipo pamndandanda wa mizinda kawirikawiri mupeza `Harare, Pretoria`. Lilongwe musavutike kuifuna. Komanso marauta ambiri a m'nyumba alibe kabatire kosunga nthawi. Magetsi akazima amaiwala, akayakanso amakafunsa nthawi pa intaneti, ndipo asanayankhidwe wotchi yawo imanena tsiku lina la chaka china. Ndiye ndifunse: kumene magetsi amazima kawirikawiri, lamulo la nthawi taliikiza kwa amene alibe wotchi?

Tibwerere ku nambala ija. Ine ndinkayesa nambala ya foni ndi imodzi, yochokera nayo ku fakitale. Kale zinali choncho. Koma kuyambira pa Android 10, amene anatuluka mu 2019, ndi iOS 14 wa mu 2020, foni imapeka nambala ina pa waifai iliyonse imene yalowa. Cholinga chake n'chabwino: kuti eni mawaifai a m'mahotela, m'mashopu ndi m'mabwalo a ndege asamakutsatireni kulikonse mwapita. Pa iPhone zimenezi zalembedwa `Private Wi-Fi Address`, pa mafoni ambiri a Android `Use randomized MAC` kapena mawu ofanana nawo. Nambala yopeka muizindikira ndi chilembo chake chachiwiri: chikakhala 2, 6, A kapena E, ndi yopeka. Yang'ananinso ija ndalemba pamwambapa. Yayamba ndi A6. Ndiye kuti akatswiri ena anaphunzitsa rauta kuzindikira foni ndi nambala, akatswiri ena n'kuphunzitsa foni kubisa nambalayo. Onse ndi akatswiri. Kodi amadziwana?

Akuti tisade nkhawa, chifukwa nambala yopekayo nthawi zambiri siisintha malinga ngati foni ili pa waifai yomweyo. Lamulo ligwira. Ligwiradi, mpaka tsiku limene mwana adzatsegule `Settings` n'kuzimitsa kabatani kaja. Akatero foni imalowanso ndi nambala yake yeniyeni ya ku fakitale, imene rauta sinaiuzidwe kanthu. Kwa rauta ameneyu ndi mlendo wodziwa pasiwedi, ndipo mlendo alibe nthawi yogona. Sipafunika nzeru zakuya, kungodina kangapo basi. Mudziwa bwanji? Mulowe mu rauta 8 koloko itadutsa. Muona foni ya mwana yalembedwa kuti palibe, lamulo lake lili chilili, koma pansi pake pabwera chipangizo chatsopano chimene chikudya intaneti mwakhama. Mutha kuwonjezera nambala yachiwiriyo pa lamulo. Koma pa iOS 18 palinso `Rotating`, imene imasinthasintha nambala pakapita nthawi. Tidzalemba nambala zingati?

Apa akatswiri amati titembenuze lamulolo. M'malo motchula oletsedwa, titchule ololedwa. Pa `Access Control` kapena `MAC Filter` musankhe `Allow List`, ena amalemba `Whitelist`, n'kuikamo zipangizo za m'nyumba zokha. Nambala yachilendo ikabwera, siilowa, ngakhale ikudziwa pasiwedi. Mwana akasintha nambala wadzitsekera yekha kunja. Izi ndazikonda. Kungoti muyambe mwalembamo foni yanu, apo ayi mudzitsekera nokha, ndipo mlendo aliyense wofuna waifai adikire mulowe mu rauta mukamulembe. Njira ina ndi kutsegula `Guest Network`, waifai yachiwiri ya dzina lake ndi pasiwedi yake, kuikapo ana onse, n'kusintha pasiwedi ya waifai yaikulu. Ngati rauta yanu imalola kuikira waifai yachiwiriyo maola, imazima yonse 8 koloko, nambala kaya ndi yotani. Koma pasiwedi yatsopanoyo ikukhala m'foni mwa amayi ake. Pa Android mukadina `Share` imatuluka ngati kachithunzi ka QR, kamene foni ina imangojambula n'kulowa. Foni ya amayi ake ndi yokiya, inde. Nanga nambala yoikiyira, m'nyumba muno saidziwa ndani?

Tingoyerekeza kuti zonsezi zatheka. Nambala zalembedwa, wotchi yakonzedwa, 8 koloko waifai yazima. Mwana ali ndi simu m'foni, ndipo ndalama ya chiwaya cha ku sukulu wagula kabandulo. Intaneti imeneyo siidutsa mu rauta, imachokera kunsanja ya kampani ya mafoni. Mavidiyo amene anakopera masana safuna intaneti n'komwe, magemu ambirinso chimodzimodzi. Akatswiri akuyankha kuti pamenepa lamulo liikidwe m'foni mwenimwenimo: Family Link ya Google pa Android, kapena Screen Time pa iPhone, imene ili ndi `Downtime` ndi nambala yachinsinsi ya manambala anayi. Zimenezi zimatseka mapulogalamu pa nthawi yoikika, kaya foni ili pa waifai, pa bandulo kapena popanda intaneti. Ndathokoza. Koma ngati foni imatha kudzitseka yokha, bwanji tinayambira kunsi kwa rauta ndi tochi m'manja? Akuti rauta imagwira zimene Family Link siifika, monga TV ndi makina a magemu. Ndiye tichite zonse ziwiri? Aja anati n'zosavuta anapita kuti?

Chatsala ndi kabowo. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa `Reset`. Mukalowetsamo phini n'kukanikiza masekondi pafupifupi 10, rauta imaiwala zonse: malamulo, mndandanda wa ololedwa, pasiwedi yanu yatsopano, n'kubwerera ku zija zalembedwa pakapepala. Ngati munasintha dzina la waifai mudziwa msanga, chifukwa libwerera ku lakale ndipo foni yanu ileka kulumikizika. Ngati simunasinthe dzina ndi pasiwedi ya waifai, simuona kusiyana kulikonse. Pa vuto limeneli akatswiri onse amagwirizana kwa nthawi yoyamba: rauta ikhale m'chipinda chokiya. Amagwirizananso kuti njira yotsimikiza yodziwira ngati lamulo likugwira ndi kupita kumene kuli mwana 8 koloko itangodutsa, kutenga foni yake m'manja n'kuyesa kutsegula tsamba. Ndiye kuti pamapeto pake ntchito yagwera loko wa chitseko ndi miyendo yanga. Ndifunse komaliza, makolo anzanga, mwina wina anauzidwa. Foniyo ikakhala kale m'manja mwanga, 8 koloko itakwana, n'chiyani chikundikakamiza kuibweza?