Hafu Yaikulu Ndi Yanga

Mlamu wanga wa ku Chibanja ndi mphunzitsi wa Sitandade 4, ndipo ntchito yake siithera kusukulu. Loweruka masana, mvula ya pa Mzuzu ikatsekera ana pakhonde, amawagawa m'matimu a anayi anayi n'kuyambitsa masewero a magawo, aja ana amati mafulakishoni. Zipangizo zake ndi zimene aphunzitsi amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsira chilichonse chimene wachipeza pafupi: mapepala a kope lakale, makala, ndi chakudya chimene chalakwitsa njira n'kudutsa pakhondepo. Ine ndinapitako kukacheza chabe, koma ndinapatsidwa ntchito yolemba zigoli.

Lamulo ndi losavuta. Timu iliyonse imalandira pepala lofanana kukula ndi la anzawo. Madamu, amene ndi mlamu wangayo, akatchula gawo, timu imapinda pepala, kudetsa gawolo ndi khala, n'kulikweza m'mwamba. Yoyamba kukweza imagoletsa, pokhapokha ngati zigawo zake zili zofanana. Pofuna kutsimikiza sipafunika lula: mumangosanjikiza zigawozo, m'mphepete mukasiyana ndiye kuti chigoli chakanidwa.

*

Anapinda kamodzi, zigawo ziwiri. Anapindanso, zinayi.

"Tikapinda kachitatu zikhala zingati?" anafunsa Madamu.

"Sikisi!" khonde lonse linayankha. Ine ndemwe, munthu wa imvi, ndinagwedeza mutu kuvomereza, poti 2, 4, 6 amamveka bwino m'khutu.

Atatambasula mapepala anapeza zigawo 8. Kupinda sikuwonjezera ziwiri ayi, kumadula chigawo chilichonse pawiri, choncho kachinayi zimafika 16. Mnyamata wina anawerenga katatu, kenako anatembenuza pepala kuyang'ana kumbuyo kwake.

"Madamu, pepala lathuli labereka."

Mlamu anandiponyera diso. Ndinati ine ndimagwedeza mutu chifukwa cha chisanu.

*

Pamene pamagwa anthu ndi pa 1/3. Theka ndi kota manja amazidziwa okha, koma zigawo zitatu zimafuna kuti upinde mbali imodzi kutsogolo, inayo kumbuyo, n'kumasendeza pang'onopang'ono mpaka m'mphepete monse mutakumana, ndiye udinde. Ukadinda msanga, chigawo chapakati chimanenepa.

Matimu ena akulimbana nazo, mtsikana wina anali atakweza kale pepala. Zigawo zitatu, zofanana ngati mazira. Madamu anadabwa. Anatenga pepalalo n'kuliika pamwamba pa latsopano, ndipo linapezeka lalifupi.

"Lina lili kuti?"

Mtsikanayo anatsegula chibakera pang'onopang'ono. Anali atapinda zinayi, n'kung'amba chimodzi.

"Chimenechi chimasokoneza anzake, Madamu."

Ndinafuna kumupatsa chigoli chifukwa cha nzeru zokhazo, koma mlamu anakana. Chimene mwanayo anadetsa chinali kota ya pepala limene anapatsidwa. Wangochepetsa chinthu chathunthu kuti yankho limukomere. Ndinaganiza za ogulitsa makala ena amene thumba lawo limaonda chaka ndi chaka mtengo uli womwewo, koma sindinanene.

*

Kenako kunabwera chigumu. Madamu asanachidule anafunsa kaputeni wa timu iliyonse: "Ufuna 1/4 kapena 1/8?"

Mwana wa mlongo wanga, amene kunyumba amadziwika kuti salola kuchepekedwa, analumpha: "Wani ova eyiti! Eyiti ndi wamkulu!"

Anampatsa. Anayang'ana kachidutswa kake, anayang'ana ka mnzake amene anasankha kota, kowirikiza kawiri kukula, milomo inayamba kunjenjemera.

"Amalume, andibera."

Ndinamuuza kuti palibe wakuba. Nambala yapansi ija imawerenga pakamwa podikira chigumu. Pakamwa 8 ndi pambiri kuposa pakamwa 4, ndiye aliyense amalandira kochepa. Anakhala chete akutafuna, kenako anafunsa:

"Nanga wani ova wani ilipo?"

Ilipo, mwanawe. Kungoti amene amaisankha sakhala ndi anzake.

*

Nzimbe ndiyo inatichititsa manyazi akuluakulu. Madamu anayeza ndi chingwe, kuchipinda pakati, n'kudula nzimbe pamene chingwe chinathera. Hafu ziwiri zofanana utali, palibe akanatsutsa. Koma ana awiri amene amayenera kugawana onse anagwira chidutswa chimodzi.

"Si zofanana kodi?"

"Zofanana, Madamu. Koma hafu yakutsinde ndi yaikulu m'kamwa."

Ananena zoona. Kutsinde ndi konenepa komanso kozuna, kunsonga ndi madzi okhaokha. Chingwe chinayeza utali, ana amayeza shuga. Pamapeto anagwirizana okha: dulani mfundo ndi mfundo, aliyense azitenga imodzi mosinthana kuyambira kutsinde. Mlamu anandinong'oneza kuti nzimbe sadzaibweretsanso, ndi chifukwa chake pepala limayamba: ilo lilibe mbali yokoma.

*

Mpikisano waukulu unali wa mandasi. Timu iliyonse ya ana anayi inalandira mandasi atatu, agawane mofanana, pasatsale kanthu. (Kuti pasatsale kanthu sanafunikire kuuzidwa.)

Timu yoyamba inadula ndasi lililonse pakati, zidutswa zinakhala 6. Aliyense anatenga chimodzi, zinatsala ziwiri. Ziwirizo anazidulanso pakati, aliyense n'kuwonjezera kachidutswa. Motero mwana aliyense anali ndi theka ndi kota.

Timu yachiwiri inadula ndasi lililonse panayi, zidutswa 12, aliyense zitatu.

Pomwepo mlandu unabuka. A timu yoyamba anati anzawo akonderedwa: "Iwo zitatu, ife ziwiri!" Madamu sanaweruze. Anawapatsa mapepala awiri ofanana, opindidwa panayi. Ena anadetsa theka ndi kota, ena makota atatu. Atasanjikiza n'kuyang'ana powala, mdima wa makala unathera pamzere umodzi. Theka ndi makota awiri ogwirana, basi. Onse anali ndi 3/4. Wodandaula wamkulu anavomera, koma anati ulendo wina adzadula panayi, chifukwa zitatu zimachedwa kutha.

Timu yachitatu inamaliza kalekale, aliyense ndasi lathunthu m'manja, mpeni osaukhudza. Tinawerenga ana: atatu.

"Mnzanu ali kuti?"

"Amayi ake amamuitana."

Posakhalitsa kamwanako kanatulukira kakuthamanga, katanyowa ndi mvula. Amayi ake sanakaitane. Chigoli ndinakana, koma ndinalemba maina a atatuwo pambali, kuti akadzaima pa chisankho ndidzawakumbukire.

*

Madzulo ana atabalalika, patebulo panatsala chitumbuwa chimodzi. Mlamu anandipatsa kuti ndigawe, ine ndi mwana wa mlongo wanga uja. Ndinanyema ndi manja, ndipo mwangozi, ndikunenetsa kuti mwangozi, mbali imodzi inakula.

"Tenga hafu yako," ndinatero, ndikumupatsa yaing'ono.

Sanatambasule dzanja. Anatenga zidutswa zonse ziwiri n'kuzisanjikiza monga amachitira ndi mapepala. China chinatulukira m'mbali.

"Amalume, apa palibe hafu. Lamulo la Madamu: wodula amasankha pomaliza."

Ndinayang'ana kwa mlamu kuti andithandize. Anali atatembenuka, akupukuta mbale youma kale, mapewa akugwedezeka.