Miliyoni yanga ili m'kope, m'thumba mulibe

Mwezi wathawu ndinagulitsa nsapato za K1,000,000. Ndikunena mokweza kuti apongozi anga amve, poti iwo amati ntchito yanga n'kukanda foni. Maoda anali 40, peyala iliyonse K25,000, ndipo wogula amalipira katundu akafika pakhomo. Anthu athu sakhulupirira chithunzi cha pa WhatsApp, amafuna ayambe aigwira nsapatoyo, aipinde, ayendeyende nayo pakhonde, kenako ndiye apise m'thumba. Sindiwadandaula. Nanenso ndinagulapo jekete pachithunzi n'kulandira chovala cha mwana wa sitandade 3.

Vuto ndi loti mayi a kunyumba amadziwa masamu. Atamva za miliyoni anangofunsa kuti, "Bambo, ili kuti?" Titawerenga za mufoni ndi za m'kachikwama tinapeza K700,000. Ine ndinayamba kufotokoza za mmene chuma cha dziko chikuyendera. Iwo anatenga kope langa n'kuloza mawu amodzi amene ndinkalemba pa oda iliyonse: "Zatheka."

"Chatheka n'chiyani? Nsapato yafika, kapena ndalama yalowa?"

Funso limeneli ndi limene linandisamutsa m'kope n'kundilowetsa mu Excel. Pa malonda olipira katundu akafika, oda imodzi imakhala ndi maulendo awiri. Katundu amapita kwa kasitomala, ndalama imabwera kwa iwe, ndipo ziwirizi sizifika tsiku limodzi. Ukazilemba pamalo amodzi umadzinamiza. Choncho oda iliyonse tsopano ili ndi mzere wake. Mu A muli nambala ya oda, mu B tsiku limene katundu anatuluka, mu C wakabaza amene ananyamula, mu D dera, mu E mtengo. Kenako pali madanga awiri amene ndi mwini nkhani. Danga F limayankha kuti katundu ali kuti: PANJIRA, WAFIKA, WALEPHERA kapena WABWERA. Danga G limayankha kuti ndalama ili kuti: KWA KASITOMALA, KWA WAKABAZA kapena YALOWA. Ndipo YALOWA sindilemba chifukwa munthu walumbira pa manda a agogo ake. Ndimalemba ndikaona uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, apo ayi makwacha ali m'manja mwanga.

Nditadzaza mizere yonse 40, chithunzi chinaoneka chosasangalatsa. Nsapato zimene zinafika kwa eni ake zinali 35, koma zolipiridwa mpaka ndalama kundipeza zinali 28. Kuti ndione ndalama ya katundu amene anafika koma sindinailandire, mwana wa mlongo wanga anandilembera kachinthu aka:

```
=SUMIFS(E:E,F:F,"WAFIKA",G:G,"<>YALOWA")
```

Kamaphatikiza mitengo ya mizere yonse imene F akuti WAFIKA koma G sakunena kuti YALOWA. Kanatulutsa 175000. Maoda 7. Mwa amenewa, pa maoda 4 makasitomala analipira kalekale, K100,000 yonse inali m'thumba mwa wakabaza mmodzi. Nditamuimbira anayankha mwaulemu kwambiri: "Madala, ndalama yanu ili bwinobwino, yangolowa kaye ku tayala." Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ine ndinapereka maphukusi anayi ndi ndalama zake zomwe. Maoda 3 otsalawo, K75,000, anali kwa makasitomala amene analandira nsapato n'kuuza wakabaza kuti "ndalankhula kale ndi bwana wako." Bwanayo ndine, ndipo sitinalankhulepo.

Ngongole ziwirizi sizifanana, n'chifukwa chake danga G lili ndi mayankho atatu. Ya wakabaza umaitola madzulo a tsiku lomwelo asanalandire phukusi lina. Ya kasitomala umaitola ndi mapemphero.

Tsono pali maoda 5 amene sanafike n'komwe, kutanthauza oda imodzi pa 8 iliyonse. Poyamba ndinkati amenewa alibe vuto, nsapato ibwerera pashelefu. Koma WALEPHERA ndi WABWERA ndi zinthu ziwiri. Nditawerenga pashelefu ndinapeza kuti zabwerera zitatu zokha. Mapeyala awiri anali akuzungulirabe mu Lilongwe, ndipo imodzi ndikuikayikira kuti inapita ku ukwati Loweruka. Chimene chimaulula zoterezi ndi msinkhu wa oda:

```
=TODAY()-B2
```

Kamakuuza masiku amene apita chitulukireni katundu. Mumzinda momwemuno, phukusi likagona kunja masiku oposa awiri lili PANJIRA kapena WALEPHERA, imbani foni. Silili panjira iliyonse, lili m'nyumba ya munthu.

Ndipo kulephera kuli ndi mtengo wake ngakhale nsapato ibwere yosavalidwa. Wakabaza wanga amatenga K4,000 kupita ndi kubwera, kaya kasitomala wapezeka kaya ayi, poti mafuta sadziwa zoti foni inali yozimitsa. Maoda asanu aja aliyonse anayesedwa kawiri. Maulendo 10, K40,000. Phindu langa pa peyala ndi K5,000, ndiye kuti anthu asanu amene sanagule kanthu anadya phindu la mapeyala 8 amene ndinagulitsadi. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri ukatheka musafufute woyamba uja. Onjezani danga lowerengera maulendo, apo ayi oda imene yadya K8,000 ya kabaza idzaoneka yoyera ngati inzake.

Danga lomaliza ndi la chifukwa, ndipo ndi limene limandiseketsa ndikakhala kuti sindikulira. Anayi mwa asanu aja akuti foni sinkapezeka. Wachisanu anapereka adiresi yoti "ku Area 25, mukafika pa mtengo wa mango mukhote." Aliyense amene anafikako ku Area 25 akudziwa kuti mitengo ya mango siinathe. Komabe chifukwa chimene walemba wakabaza musachimeze chonse. Ndinaimbira mmodzi wa "osapezeka" aja, anayankha kulira koyamba, n'kundikalipira kuti anadikira tsiku lonse pageti. Tsiku limenelo wakabaza anaona kuti Chinsapo yatalika.

Zinanso zimene zimasokoneza n'zazing'ono. Mukalemba WAFIKA n'kusiya kampata kumapeto, kapena tsiku lina n'kulemba YAFIKA, kachinthu kaja kamadumpha mzerewo mwakachetechete, ngongole n'kuoneka yochepa. Mankhwala ake ndi `Data Validation`, kuti mawu muzisankha pamndandanda m'malo molemba ndi zala zonenepa ngati zangazi. Chinanso, dzina lobwera ndi uthenga wa ndalama kawirikawiri si la woodayo. Waoda ndi mayi, walipira ndi mlamu wake kudzera kwa ejenti wa pamsika. Lembani nambala ya uthengawo pa mzere wa oda nthawi yomweyo, chifukwa pakutha pa sabata mudzakhala ndi ma K25,000 asanu ofanana osadziwa mwini wake.

Maoda asanu ndi ochepa, sangandipatse ufulu woweruza dera lonse kuti ndi la anthu ozimitsa mafoni. Koma onse asanu anali makasitomala atsopano, ndipo pamenepo mayi a kunyumba akhazikitsa lamulo: wachilendo ayambe watumiza K4,000 ya kabaza, njinga isanalire. Andilanda udindo wolemba mu danga G. Ine ndatsala ndi kujambula nsapato.

Tsono inu achimwene amene muli ndi nsapato yakuda saizi 8 ndipo "munalankhula kale ndi bwana," mzere wanu ndi nambala 17 ndipo wafiira. Tumizani K25,000 ija Lachisanu lisanafike, chifukwa amene aziimba foni kuyambira pamenepo si ine.